Fisi wopanda dzina anadya ndalama za chipepeso, koma khola tinatsekula tokha

Semesita yathayi mayi a mnzathu wa m'kalasi anamwalira. Maliro anakayikidwa kumudzi tisanasonkhe kanthu, choncho tinagwirizana kuti aliyense apereke K3,000, ndipo Loweruka anthu angapo akwere minibasi kukapepesa kwawo ku Bangwe. M'kalasi tilimo 62. Kalasi repu wathu, mnyamata wabwino yemwe sindimutchula dzina chifukwa walira kale mokwanira, anatsekula fayilo ya Google Sheets Lolemba madzulo. Pamwamba penipeni analemba nambala ya foni ya msungichuma yotumizako ndalama. M'munsimo munali mizere ya dzina, nambala ya foni ndi ndalama zomwe munthu wapereka. Kenako anaponya linki pa gulupu ya WhatsApp ndi mawu akuti: “Mukatumiza muzilemba nokha, ine sindingathe kulembera aliyense.”

Lachinayi msungichuma anawerengetsera ndipo zinthu sizinagwirizane. Mufayilo munali anthu 40 olemba kuti apereka, koma mauthenga a pa foni yake ankaonetsa anthu 29. Poyamba tinayamba kuyang'anana ndi diso lofiira, poganiza kuti ena alemba zabodza kuti aoneke achifundo. Anthu 11 aja anatumiza masikirinishoti a mauthenga awo, ndipo onse anali atatumizadi ndalama. Kungoti anatumiza ku nambala ina, yomwe inali pamwamba pa fayilo pamalo pomwe panali ya msungichuma. Ena anaona kuti mu uthenga mwatuluka dzina lachilendo, koma anangoti mwina ndi mchemwali wa anamfedwa. K33,000 inapita choncho.

Tinatsekula laputopu, kupita pa File, kenako Version history, pomwe Google imasunga mbiri ya kusintha kulikonse. Zinaonekadi: Lachiwiri, nthawi ili 11:47 usiku, kabokosi ka nambala kanasinthidwa. Pomwe timayembekeza kuona dzina la wosinthayo, panangolembedwa kuti ndi munthu wosadziwika. Mmodzi wa ife anakumbukira kuti usiku umenewo anaona kachithunzi ka nyama pamwamba pa fayilo, kolembedwa Anonymous Hyena, ndipo anaseka poganiza kuti ndi nthabwala za Google. Ndi nthabwala za Google ndithu. Munthu amene sunamuitane ndi imelo yake akalowa mufayilo, Google imamupatsa dzina la nyama. Ife inatipatsa fisi, ngati ikudziwa.

Ndalemba izi chifukwa ndatopa kumva kuti tinachita tsoka. Silinali tsoka. Fayilo ija inatcheredwa kuti Anyone with the link, udindo wake Editor. M'Chichewa chomveka: aliyense padziko lapansi amene wapeza linkiyi akhoza kulowa, kuwerenga, kufufuta ndi kulemba, ndipo ngati ali pa kompyuta safunikanso kulowa mu akaunti ya Google. Ndikuti mchitidwe umenewu, womwe wafala m'makalasi, m'makwaya, m'mabungwe a achinyamata ngakhale m'maofesi ena a m'tauni muno, ndi mphwayi basi, ndipo amene amalipira mphwayizo ndi anthu ena amene maina awo ali mufayilomo.

Mukadina batani la Share, Google imakufunsani mafunso awiri osiyana, koma ambirife timawaona ngati limodzi. Loyamba ndi lakuti ndani alowe. Pansi pa General access pali Restricted, kutanthauza okhawo amene mwawalemba ndi imelo, ndiye pali Anyone with the link. Lachiwiri ndi lakuti wolowayo achite chiyani. Viewer amangowerenga. Commenter amawerenga ndi kusiya ndemanga pambali pa kabokosi, koma sangasinthe zomwe zili m'kabokosimo. Editor amasintha chilichonse, ndipo ngati mwini fayilo sanatseke mwayiwo pa kachizindikiro ka giya komwe kali pakona pa bokosi la Share, ma Editor amene mwawalemba akhozanso kuitana anthu ena kapena kusintha maudindo. Mwini fayilo yekha ndiye ali pamwamba pa onsewa.

Kalasi repu wathu anayankha mafunso onse awiri ndi yankho lotayirira kwambiri. Ndipo anachita zimenezi pa chifukwa chomwe aliyense wa ife amachidziwa. Ukatchera Restricted, pasanathe mphindi zisanu gulupu yadzaza: “Ikukana”, “Ikuti Request access”, “Aise tatsekula zinthuzi”. Wina imelo yomwe anakupatsa si yomwe ili pa foni yake. Wina foni anagula yogwiritsidwa kale ntchito ku Limbe ndipo akaunti yomwe ilimo sakuidziwa n'komwe. Ndiye umangotsekula zonse kuti ugone.

Ndikumvetsa kutopako. Koma taonani zomwe ukugula ndi tulo timeneto.

Anzanga amene amateteza mchitidwewu amanena kuti linki ndi yaitali, palibe angailote. Zoona. Chigawo chapakati cha linki ya Sheets chili ndi zilembo ndi manambala osakanikirana oposa 40, ndipo palibe mbava ingakhale pansi kumayesa chimodzichimodzi. Koma ndani anati mbava imafunika kulota? Linki yathu sinabedwe, inayenda yokha ndi miyendo ya anthu achifundo. Tsiku lachiwiri wina anaitumiza ku gulupu ya chaka chathu chonse, ya anthu mazana angapo, kuti ena ofuna athandizeko. Wina anaitumiza ku gulupu ya achinyamata a kumpingo komwe mnzathuyo amapemphera. M'magulupu ngati amenewo muli manambala omwe palibe akuwadziwa: wina anasiya sukulu chaka chatha, wina anataya simu ndipo ili m'manja mwa munthu wina, wina analowa kudzagulitsa nsapato. Pa WhatsApp kutumiza uthenga kwina ndi kudina kawiri. Linki ilibe dzina la mwini wake, sidziwa kuti yadutsa m'manja angati, ndipo siitha mphamvu yokha. Pa akaunti wamba ya Gmail palibenso pomwe mungaone mndandanda wa anthu amene anatsekula fayilo yanu. Chida chotere, chotchedwa Activity dashboard, chimapezeka pa maakaunti a kuntchito kapena a kusukulu, ndipo nachonso sichingakuuzeni dzina la munthu amene analowa osadziwika.

Ena amati timakhulupirirana, tonse ndife amodzi. Ine ndimawakhulupirira anzanga 61 aja. Amene sindikumukhulupirira ndi munthu wa nambala 63, yemwe sindikumudziwa. Komanso kuwononga sikufuna mtima woipa. Fayilo yomweyi, tsiku loyamba lomwe, wina anafuna kuika maina mu dongosolo la afabeti, nasankha kolamu ya maina yokha osati tebulo lonse. Maina anasuntha, ndalama zinatsala pomwe zinali, ndipo kwa ola lathunthu amene sanapereke ankaoneka kuti apereka. Icho tinachibweza ndi Version history. Pa foni, chala chimodzi choterereka mu minibasi ya ku Ndirande chimafufuta mzere wonse mwini wake osazindikira. Anthu 62 kulemba m'kope limodzi nthawi imodzi, aliyense ali ndi chofufutira, si mgwirizano. Ngakhale banki mkhonde ya amayi a ku Chirimba ili ndi mlembi mmodzi, ndipo kope limakhala m'chikwama chake.

Koma ndalama zija si zomwe zimandisowetsa tulo. K33,000 tinasonkhanso. Chomwe chinandiopsa tinachipeza titayamba kufufuza. Kalasi repu sanatsekule fayilo yatsopano. Anatenga yakale yomwe anagwiritsa ntchito polemba anthu ofuna malo ophunzirira ntchito pa tchuthi, nawonjezera tsamba latsopano, tsamba lakalelo nalibisa ndi Hide sheet. Pa tsamba lobisikalo panali maina athu onse, masiku obadwa, manambala a chiphaso cha unzika, maboma ochokera, ndi maina ndi manambala a foni a makolo kapena otiyang'anira. Iye ankaganiza kuti chobisika ndi chokhomedwa.

Sichoncho. Editor aliyense amapita pa View, kenako Hidden sheets, tsamba lija n'kutulukira. Ndipo musaganize kuti mukanatchera Viewer mukanapulumuka. Viewer saona tsamba lobisika pa sikirini, inde, koma akapita pa File n'kusankha Make a copy, amakhala mwini wa kope lakelake ndipo amavundukula chilichonse. Kapena amatsitsa fayilo yonse ngati ya Excel. Safunika ngakhale kufufuza mabatani, amangosintha mathero a linki:

```
.../spreadsheets/d/ID/edit
.../spreadsheets/d/ID/export?format=xlsx
```

Fayilo yotsitsidwayo imabwera ndi masamba ake onse, obisika omwe. N'chimodzimodzi makolamu obisika. Google yokha imanena m'malangizo ake kuti ngakhale Protect sheets and ranges, chida choletsa anthu kusintha timabokosi tina, si chotetezera chinsinsi. Chimaletsa kulemba, sichiletsa kuwerenga kapena kukopera. Chikanateteza nambala ya msungichuma, ndipo ndikanakonda chikanagwiritsidwa ntchito, koma manambala a makolo athu sichikanawabisa.

Tsono ganizirani zomwe munthu angachite ndi tsamba limenelo kuno ku Malawi. Tonse tinalandirapo uthenga uja wakuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Ambiri timauseka chifukwa wotumizayo sakutidziwa, akungoponya mbedza m'madzi. Mupatseni dzina lanu lonse, sukulu yanu, kosi yanu ndi nambala ya mayi anu ku Mzimba kapena ku Nsanje. Akawaimbira usiku n'kuwauza kuti mwana wanu uje, wa chaka chachitatu, wagundidwa ndi galimoto pa Ginnery Corner ndipo pakufunika ndalama msanga, mayi anuwo saseka. Amathamangira kwa ejenti. Ndipo poti masiku ano simu iliyonse imalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, nambala ya chiphaso ndi tsiku lobadwa si zinthu zoti zizingoyenda m'magulupu. Nambala ya foni mukhoza kusintha mawa, tsiku lobadwa simungasinthe. Ife sitidzadziwa ngati fisi uja anatsekula tsambalo. Anali ndi mpata wa masiku atatu.

Musaganize kuti ndi umbuli wa ana a sukulu okha. Mu 2023 kampani ya masewera a pa foni ya ku Japan yotchedwa Ateam inavomera kuti mafayilo ake a pa Google Drive anali otsekukira aliyense wokhala ndi linki kuyambira 2017, zaka zoposa zisanu ndi chimodzi, ndipo munali mbiri za anthu oposa 900,000. Palibe anathyola loko, panalibe loko. Chaka chomwecho, mu Ogasiti, apolisi a ku Northern Ireland poyankha pempho la anthu ofuna kudziwa zambiri anatulutsa fayilo ya Excel yomwe inali ndi tsamba lomwe sanaliwone, lokhala ndi maina, maudindo ndi malo ogwirira ntchito a apolisi ndi antchito awo onse, pafupifupi 10,000, m'dera lomwe wapolisi amabisa ntchito yake ngakhale kwa anansi poopa kuphedwa. Analipitsidwa chindapusa cha mapaundi 750,000. Kulakwitsa kwawo ndi kwa kalasi repu wathu n'kumodzi: kutumiza fayilo yonse pomwe munthu amafunika kuona tsamba limodzi.

Kwathu kunonso lamulo lilipo. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu, ndipo kuyambira 2024 tili ndi Data Protection Act, lomwe woyang'anira wake ndi MACRA. Mfundo zake zikuluzikulu n'zosavuta: tolera zokhazo zomwe ukufunikiradi, zigwiritse ntchito pa chomwe unanena, zisunge motetezeka. Sindikunena kuti akalasi repu amangidwe. Ndikunena za awo amene amalandira malipiro: timabungwe tomwe timafuna achinyamata okachita kalembera, makampani ofuna ophunzira ntchito, okonza misonkhano m'mahotela a m'tauni. Kangati mwalandira linki yakuti “lembani zambiri zanu apa”, mutatsekula n'kupeza anthu mazana awiri alemba kale manambala awo a foni, a chiphaso, nthawi zina a ku banki, inu n'kumawawerenga onse? Ine ndinalembapo, chifukwa ndimafuna ganyuyo. Wofuna ntchito sakana. Nchifukwa chake udindo uli pa wopanga fayilo, osati pa wolemba.

Chomwe chimandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti njira yabwino ilipo, ndi yaulere, ndipo imathetsanso vuto la “ikukana” lija. Vuto la kalasi repu linali lakuti amafuna anthu 62 alembe okha. Kuti munthu alembe safunika kuona kope lonse. Google Forms inapangidwira zimenezi. Mumapanga fomu ya mafunso atatu, dzina, ndalama, ndi nambala ya umboni yomwe ili mu uthenga wotumizira ndalama, n'kuilumikiza ku fayilo ya Sheets. Linki ya fomu ndi yomwe imapita pa gulupu, ndipo imeneyo ikhoza kukhala yotsekukira aliyense popanda vuto lalikulu, chifukwa ili ngati bokosi loponyera voti: umaponya chako, za anzako suziona. Wina akhoza kuponya zabodza, koma msungichuma amazigwira poyerekeza ndi mauthenga a pa foni yake. Chenjezo limodzi: mu Settings ya fomu muli View results summary. Chikhale chozimitsa, apo ayi aliyense womaliza kulemba amaona mayankho a anthu onse, ndipo mwabwerera pomwe munachoka.

Fayilo yolandira mayankho ikhale Restricted. Editor akhale awiri, kalasi repu ndi msungichuma, olembedwa ndi maimelo awo. Apa Version history imayamba kugwira ntchito yake yeniyeni, chifukwa kusintha kulikonse kumakhala ndi dzina, ndipo mukadina kumanja pa kabokosi n'kusankha Show edit history mumaona amene anakasintha ndi zomwe zinalimo kale. Ngati pali komiti yoyang'anira, anthu atatu kapena anayi, amenewo ndi a Commenter. Udindo umenewu timaunyalanyaza, koma ndi womwe umayenera anthu ambiri amene timawapatsa Editor. Munthu amene akufuna kunena kuti “apa mwalemba K3,000 koma anapereka K5,000” safunika chofufutira. Asiye ndemanga, mlembi akonze.

Padzakhala wofunsa kuti nanga poyera pali kuti, tidziwa bwanji kuti ndalama sizikudyedwa? Funso labwino, ndipo ndi lomwe limachititsa ambiri kutsekula zonse. Yankho lake ndi fayilo yachiwiri, yatsopano, yopanda tsamba lina lililonse, yomwe ikuonetsa dzina ndi ndalama basi. Mukhoza kukopera pamanja madzulo aliwonse, kapena kuika fomula imodzi m'kabokosi koyamba kuti izikoka yokha:

```
=IMPORTRANGE("linki_ya_fayilo_yaikulu", "Poyera!A:B")
```

Apa Poyera ndi tsamba la mufayilo yaikulu lomwe lili ndi makolamu awiri okhawo. Fayilo yachiwiriyi ndi yomwe kalasi imalandira ngati Viewer. Koma samalani: mukangolola kuti mafayilo awiriwa alumikizane, Editor aliyense wa fayilo yachiwiri akhoza kusintha fomulayo n'kukoka tsamba lililonse la fayilo yaikulu. Ndiye mufayilo yachiwiri musaikemo Editor wina kupatula inu. Ndipo nambala yotumizako ndalama isakhale m'kabokosi koti wina n'kusintha. Ailembe msungichuma yekha pa gulupu, kuchokera pa nambala yake yomwe tonse timaidziwa, pamodzi ndi dzina lomwe lituluke mukatumiza.

Pa giya pajanso pali bokosi lolola ma Viewer ndi ma Commenter kutsitsa, kusindikiza ndi kukopera. Lizimitseni, zimathandiza, zimatseka njira ya Make a copy ndi ya export ija. Koma siziletsa sikirinishoti, ndipo palibe batani lomwe lingaletse munthu kujambula sikirini ndi foni ina. Chomwe simukufuna kuti chifike ku Bangwe musachiike mufayilo yomwe anthu ambiri akuona.

Sindikuti Anyone with the link ndi tchimo nthawi zonse. Ndandanda ya maphunziro, mndandanda wa mabuku oti tiwerenge, nthawi za mpira: ikani Viewer, tumizani kulikonse. Muyeso wanga ndi bolodi la zidziwitso. Ngati pepalalo mungalikhome pa bolodi la pa depoti ya Wenela osachita mantha, tsekulani. Ngati simungalikhome, linki yake isakhale yotsekuka. Koma Anyone with the link pamodzi ndi Editor, pa fayilo yokhala ndi maina a anthu kapena ndalama, sindinapezebe chifukwa chimodzi chomveka, ndipo ndafunsa anthu ambiri amene anandikwiyira nditayamba kulankhula za nkhaniyi.

Lachinayi lija tinasintha fayilo kukhala Restricted, ndipo linki yomwe inali m'magulupu onse aja inasiya kutsekuka nthawi yomweyo. Izi zimatheka ngakhale pa foni, pa Manage access. Dziwani kuti linki siisintha: tsiku lomwe mudzatsekulenso, onse amene anaisunga alowanso, choncho fayilo yomwe inayendapo m'magulupu ndi bwino kuisiya n'kuyamba ina. Kutseka sikubweza kope lomwe wina anatsitsa kale. Tsamba la ziphaso tinalifufuta, koma poti Version history imasungabe zakale kwa ma Editor, tinakopera mndandanda wa chipepeso mufayilo yatsopano ndipo yakaleyo inatayidwa yonse. Kenako kalasi repu analemba uthenga wovuta kwambiri pa moyo wake, wouza anthu 61 kuti aimbire makolo awo n'kuwachenjeza kuti asatumize ndalama kwa aliyense woimba za ngozi asanalankhule ndi mwana wawo. Mayi anga anandifunsa kuti nambala yawo inapezeka bwanji pa zinthu za maliro a munthu amene sakumudziwa. Ndinayamba kufotokoza za Viewer ndi Editor, iwo n'kundidula: “Ndiye amene anakupatsani chilolezo chopereka nambala yanga ndani?”

Usiku womwewo ndinatsekula Google Drive yanga n'kuyang'ana mafayilo omwe ndinapanga ine kuyambira chaka choyamba, mmodzimmodzi, pa Share. Asanu ndi awiri anali otsekukira aliyense. Imodzi inali ya ulendo wa kwaya wa zaka ziwiri zapitazo, yokhala ndi maina a atsikana 18, manambala awo ndi mahositelo omwe amagona ku Chitawira ndi ku Zingwangwa, udindo wake Editor.